Samu ya nambala 6: chifukwa chimene ndinakhwachira 20%

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Ndine mayi ake a mtsikana wanu wa Sitandade 7 amene ali kunyumba chifukwa cha mwendo uja. Homuweki tinajambula Lachiwiri ija mwabweza, koma samu ya nambala 6 mwaikhwacha. Munthu wagula mtedza pa K8,000, wagulitsa pa K10,000, phindu K2,000. Ine geni sindinayambe dzulo. 2,000 pa 10,000 ndi 20 peresenti, ndipo foni yanga ikunenanso chimodzimodzi. Kapena chithunzi simunachione bwino? Mwana wakhumudwa."

Ndaswera bwino mayi, kaya inu ndi wodwala wathuyo. Mumuuze kaye kuti asakhumudwe: mwa masamu khumi aja wakhoza asanu ndi anayi, ndipo pa nambala 6 sanatuluke chimanjamanja, wapeza 1 pa 3. Mwachitanso bwino kufunsa. Ife ochonga timalakwitsa ndithu, makamaka tikamachonga pa kagalasi ka foni, ndipo m'homuweki yomweyi ndinatsala pang'ono kumulakwira pa samu ina. Koma pa nambala 6 ndabwereranso kawiri nditalandira uthenga wanu, ndipo chikhwacho chija chikhala. Ndikufotokozereni mmene ndinayendera, kuyambira pa chithunzi penipeni, popeza mpamene mukukayikira.

Chithunzi chikafika sindithamangira kuona mayankho. Masamuwo ndimakhala nditawasova kale ndekha papepala, sitepe ndi sitepe, ndipo ndimalemberatu kuti malikisi agwera pati. Ndimachita izi ndisanaone ntchito ya mwana aliyense, kuopa kuti ndingamachonge mokomera amene ndimamudziwa kuti ndi wanzeru. Kenako ndimayang'ana ngati tsamba lonse lalowa m'chithunzi, ngodya zonse zinayi. Chikakhala chodukiza ndimapempha china, chifukwa ana ambiri amakankhira yankho lomaliza kumapeto kwa mzere, pamene kamera imakonda kudula. Zikatero ndimawerenga samu imodzi imodzi, ndikukulitsa chithunzi ndi zala, ndipo ndimayambira pamwamba pamene mwana wakopera funso. Nthawi zina mwana amasova bwinobwino koma funso analikopera molakwika, ndiye umafunika kudziwa kuti vuto lake ndi maso kapena ndi masamu. Malikisi ndimalemba m'buku langa, kenako ndimachonga pa chithunzicho ndi kapensulo kofiira ka pa WhatsApp n'kubweza.

Zithunzi zanu zinali ziwiri. Choyamba chinali ndi mthunzi wa dzanja lanu ndi foni pakati pa tsamba, ndipo kope linali lopindika cha kumene masamba amasokedwa. Pa samu ya nambala 3 mwana analemba 17, ine n'kuwerenga 11, chifukwa kamutu ka 7 kanamira mumthunzi. Ndinali nditakhwacha kale. Chinandibweza n'chakuti mzere wapamwamba pake unali 25 − 8, ndipo mwana amene wachotsera bwino masamu ena onse sangapeze 11 pamenepo popanda chifukwa. Nditakulitsa, kamutu kaja kanaoneka, ndinafufuta chikhwacho n'kuchonga. Ndakuuzani zimenezi kuti mudziwe kuti kukayikira kwanu si kwachabe. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo zimene zimayamba kutayika ndi timizere topyapyala ta pensulo: kamutu ka 7, kamchira ka 9, kadontho ka desimo.

Ndiye nditafika pa nambala 6 n'kuona 20 pamene ndimayembekezera 25, funso langa loyamba linali lanu lomweli. Kodi ameneyu si 5 amene watsekeka n'kuoneka ngati 0? Ndinayang'ana ma 5 ena amene mwanayu walemba pa tsamba lomwelo. Ma 5 ake ali ndi kadenga kotalika, sangasokonezeke ndi 0. Komabe umboni waukulu unali m'njira imene anasovera, ndipo nambala 6 inali pa chithunzi chachiwiri chimene chinajambulika bwino. Analemba motere:

10,000 − 8,000 = 2,000
2,000/10,000 × 100 = 20%

Apa palibe chobisika. Pansi pa mzere pali 10,000 wooneka bwino, ndipo 2,000 kugawa ndi 10,000, kuchulukitsa ndi 100, ndi 20 ndendende. Mwana wanu sanaphonye kuchotsera, sanaphonye kugawa. Foni yanunso sinaname, inayankha zimene munaifunsa. Nkhani yagona pa nambala imene inakhala pansi.

Peresenti nthawi zonse imakhala ya chinachake. Tikati 20 peresenti tikutanthauza 20 pa 100 iliyonse, ndiye tiyenera kufunsa kuti 100 iliyonse ya chiyani. Pa samu ya phindu, kusukulu timayeza phindu ndi ndalama imene munthu analowetsa, mtengo wogulira, umene inu kumsika mumati mpamba. Funso limakhala lakuti pa K100 iliyonse imene wamalonda anatulutsa m'thumba, yabereka zingati. Iye anatulutsa K8,000, ndipo K8,000 imeneyo ndi imene yabereka K2,000. Choncho samu imayenda motere:

2,000/8,000 × 100 = 25%

Mukhoza kutsimikiza nokha popanda kundikhulupirira ine. Tiyerekeze kuti phindu linalidi 20 peresenti ya mpamba. Pa K100 iliyonse pakubwera K20. Mu K8,000 muli ma K100 okwana 80, ndipo 80 kuchulukitsa ndi 20 ndi K1,600. Ndiye kuti mtedzawo ukanagulitsidwa pa K9,600. Koma funso likuti unagulitsidwa pa K10,000, kusiyana K400. Tsopano yesani 25: 80 kuchulukitsa ndi 25 ndi K2,000, kuphatikiza ndi K8,000, tafika pa K10,000. Kubwerera m'mbuyo kotereku ndi kumene ndimafuna mwana aliyense azichita asanatseke kope. Yankho lolondola limakubwezera ku nambala za m'funso, lolakwika limakusiya panjira.

Koma mayi, inu simunalakwe monga mmene mwana analakwira, ndipo apa ndikufuna tichedwepo. Kuwerengera kwanu kulipo ndithu, ndipo anthu a mabizinesi amakugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Madzulo mukakhuthula chikwama n'kupeza K10,000, mumafunsa kuti mu ndalama imeneyi yanga ndi iti, yobwerera kokaoda ndi iti. Yankho ndi lakuti K2,000 ndi yanu, gawo limodzi mwa magawo asanu, 20 pa 100 iliyonse ya zogulitsa. Zimenezo n'zoona. Kungoti ndi yankho la funso lina. Inu mukuyang'ana ndalama imene yalowa m'chikwama, buku la sukulu likuyang'ana ndalama imene inatuluka. Malonda ndi amodzi, K2,000 ndi yomweyo, koma miyeso ndi iwiri. Funso la mtundu uwu likangoti pezani peresenti ya phindu osatchula china, lamulo la m'kalasi ndi lakuti pansi pakhale mtengo wogulira. Likafuna njira yanu ija limanena poyera kuti phindu liyezedwe ndi mtengo wogulitsira.

Sikuti ndi lamulo longopeka kuti ana avutike. Munthu amene ali ndi K8,000 m'manja ndipo akuganiza zoti aode mtedza kapena tomato, chimene akudziwa panthawiyo ndi mpamba wake basi. Poika mtengo amawonjezera pa mpambawo. Ngakhale inuyo, mukafuna kuti madzulo 20 pa 100 iliyonse ya m'chikwama ikhale yanu, simuwonjezera 20 peresenti pa mtengo wooda, mumawonjezera 25. Mukawonjezera 20 mugulitsa pa K9,600, ndipo K1,600 yanuyo ndi pafupifupi 17 yokha pa 100 iliyonse ya zogulitsa. Ndikudziwa kuti manja anu amazichita zimenezi osaganizira n'komwe. Mwana yekha ndi amene sanafike pozisiyanitsa.

Tsopano chimene chinandidetsa nkhawa kuposa nambala 6 ndi samu imene ndinaichonga, ya nambala 7. Imeneyo inali ya kuluza: munthu wagula pa K5,000, wagulitsa pa K4,000. Mwana wanu analemba 1,000/5,000 × 100 n'kupeza 20%, ndipo ndi zolondola, malikisi onse atatu ndinamupatsa. Koma taikani masamu awiriwa pamodzi. Pa nambala 6 anaika pansi mtengo wogulitsira. Pa nambala 7 anaika pansi mtengo wogulira. Akanakhala kuti akutsatira njira yanu ya kumsika, pa nambala 7 akanaika 4,000. Akanakhala kuti akutsatira ya m'buku, pa nambala 6 akanaika 8,000. Chimene chikufanana pa masamu onse awiri n'chimodzi chokha: pansi anaikapo nambala yaikulu.

Zimenezi ndaziona kwa ana ambiri m'zaka zimene ndaphunzitsa masamu m'makalasi akuluakulu a pulayimale. Mafulakishoni oyamba amene mwana amakumana nawo ndi monga 1/2, 3/4, 2/5, onse aang'ono pamwamba, aakulu pansi. Mwana amadzipangira lamulo mumtima, loti yaikulu imakhala pansi, ngakhale palibe mphunzitsi anamuuza choncho. Lamulo limeneli ndi lachinyengo chifukwa limagwira ntchito theka la nthawi. Pa samu iliyonse ya kuluza, mtengo wogulira ndiwo waukulu, ndiye mwana amakhoza. Pa samu iliyonse ya phindu, waukulu ndi wogulitsira, ndiye amalakwa. Mwana wotere amapeza theka la malikisi pa mutu umenewu, ndipo aliyense amangoti anali ndi changu, sanasamale. Pamene iye anasamala kwambiri, kungoti akusamalira lamulo lolakwika.

Apa ndiyenera kunena malire a chithunzi. Masamu awiri okha sakwanira kuti ndilumbire kuti ndi zimene zili m'mutu mwake. Tikanakhala m'kalasi ndikanaima pa desiki pake n'kumufunsa kuti 10,000 ameneyu wamuika pansi chifukwa chiyani, ndipo yankho lake likanathetsa nkhani m'mphindi imodzi. Chithunzi chimandionetsa pamene pensulo inathera. Sichindionetsa zimene anafufuta, kapena zimene anasovera kuseri kwa kope, kapena ngati wina anadutsa n'kumuuza kuti ikapo iyi. Ngati munamuthandiza pa nambala 6 yokha, ndiuzeni momasuka, si mlandu. Zikatero ndiye kuti mwina lamulo la m'buku amalidziwa, ndipo pa samu imodziyo anangomvera mayi ake, monga mwana aliyense angachitire.

Mukhoza kundithandiza kupeza choona lero lomwe. Mpatseni samu iyi, inu musanene kanthu: munthu wagula nkhuku pa K10,000, wagulitsa pa K12,500. Phindu ndi K2,500. Akaika 10,000 pansi apeza 25%, ndipo ndi zolondola. Akaika 12,500 apeza 20%, ndiye kuti vuto lilipo. Kenako mpatseni ina ya kuluza: wagula pa K10,000, wagulitsa pa K8,000. Nambala zake ndi za mtedza zomwe zija, tangozitembenuza, ndipo yankho tsopano ndi 20%. Ana amadabwa nazo kwambiri kuti kukwera kuchoka pa 8,000 kufika pa 10,000 ndi 25 peresenti, koma kutsika njira yomweyo ndi 20 peresenti. K2,000 sinasinthe, chasintha ndi poyambira. Akamaliza iliyonse mufunseni kuti nambala yapansiyo waisankha bwanji. Akati chifukwa ndi yaikulu, tapeza nthenda. Akati chifukwa ndi imene munthu anagulira, ali bwino.

Nthendayo ikapezeka, mankhwala ake mukhoza kuwapereka bwino inu kuposa ine, chifukwa muli ndi katundu weniweni pabenchi. Musamuloweze fomula. Muuzeni mtengo umene mwaodera chinthu, mufunse kuti ndalama imene yachoka m'thumba mwa amayi ndi iti, alembe imeneyo pansi asanachite china chilichonse. Ndipo tsiku lina mupatseni samu imene lamulo lake lija silingapulumuke: chovala cha pakaunjika chogulidwa pa K2,000 n'kugulitsidwa pa K5,000. Phindu ndi K3,000, loposa mpamba, ndiye fulakishoni yake ndi 3,000/2,000, yaikulu pamwamba, ndipo yankho ndi 150%. Akana kaye, anena kuti peresenti singapitirire 100. Musiyeni alimbane nayo. Mufunseni kuti munthu akalowetsa K2,000 n'kupindula K2,000 ina, wapindula maperesenti angati, ndiye akapindula K3,000 bwanji. Mwana akangovomereza kuti 150% ndi yotheka, sabwereranso ku zoika yaikulu pansi.

Za malikisi, mwina mukufunsa kuti bwanji sindinamupatse awiri popeza anagawa bwino. Samu imeneyi ndinaigawa patatu ndisanaone kope la aliyense: kupeza phindu, kuika phindu pamwamba pa mtengo wogulira, ndi yankho lomaliza. Gawo loyamba anapeza. Lachiwiri ndilo mtima wa samuyo, ndi chimene ndimafuna kuyesa, ndipo analiphonya. Lachitatu limadalira lachiwiri. Akanalemba 2,000/8,000 × 100 kenako n'kuphonya pogawa, mwina n'kupeza 24, ndikanamupatsa 2 pa 3, chifukwa njira ikanakhala yolondola. Ndikudziwa kuti zimamveka zachilendo kuti wopeza 24 apose wopeza 20 amene sanaphonye kugawa, koma woyambayo wapunthwa pa njira yolondola, winayo wayenda bwinobwino kulowera kwina. N'chifukwa chakenso ndimakana chithunzi chokhala ndi mayankho okhaokha. Mwana wanu akanangolemba 20% popanda njira, akanapeza 0, ndipo ine sindikanadziwa chilichonse cha zimene ndakuuzanizi.

Kunena zoona, ndikanatha kungochonga kuti mwana wodwala asangalale, ndipo mtima unandiuza choncho. Koma chaka chamawa ali mu Sitandade 8, akukumana ndi mayeso a MANEB, ndipo funso loti pansi pakhale chiyani silithera pa phindu. Likubweranso pa kuchotsera mtengo, pamene timayeza ndi mtengo woyamba wa chinthu, ndi pa chiwongoladzanja, pamene timayeza ndi ndalama imene munthu anakongola. Ine ndemwe ndikamakonza mayeso osankha yankho, pa samu ngati iyi 20% ndimaiika dala pakati pa mayankho, chifukwa ndimadziwa kuti ndi dzenje limene ana amagweramo. Kuli bwino agweremo pa homuweki ya Lachiwiri.

Pa zithunzi zikubwerazi, jambulani masana, pakhonde kapena pafupi ndi windo, kope litagona pansi ndipo wina ataligwira m'mbali kuti lisapindike. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, osati chopendekera, ndipo tsamba lililonse likhale ndi chithunzi chake. Musanatumize kulitsani nokha muone ngati 1 ndi 7 akusiyana. Potumiza dinani pamene palembedwa HD, kapena tumizani ngati Document, chithunzi chimafika osachepetsedwa, ngakhale kuti bandulo imadyeka yochulukirapo. Pa masamu a nambala zikuluzikulu ngati awa chithunzi wamba chimakwanira kukakhala kowala. Tikayamba madesimo m'pamene ndidzakupempheni HD. Pensulo ikhale yosongoka bwino, ndipo mwana akalakwitsa adule ndi mzere umodzi n'kulemba pambali, asalembe nambala pamwamba pa inzake. Tumizani kwa ine mwachindunji, osati pa gulu la makolo, chifukwa pa tsamba pamakhala dzina la mwana ndipo anzake amakopera.

Ngati mutayesa masamu aja mwana n'kupitiriza kuika yaikulu pansi ngakhale mwamufotokozera, musalimbane naye mpaka misozi. Ndiimbireni madzulo ndilankhule naye ndekha, kapena mwendo ukalola mubwere naye ndi kope lenilenilo tikhale pansi. Mukaona kuti akumakopera nambala molakwika kawirikawiri, kapena akuyandikitsa buku kumaso, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala kuti akamuyeze maso, ngakhale m'homuweki iyi sindinaone chizindikiro chotero. Ndipo ngati mukuonabe kuti ndamulakwira, muli ndi ufulu wotengera chithunzicho kwa mphunzitsi wina wa masamu kapena kwa aphunzitsi aakulu kuti achongenso, ine sindidzakhumudwa. Muwapatse funso ndi njira yonse imene mwana analemba, osati yankho lokha.

Nambala 6 ailembenso pa tsamba latsopano, ndipo pansi pake aonjezere mzere wotsimikizira uja, 25% ya K8,000 kuphatikiza K8,000. Mujambule pamodzi ndi samu ya nkhuku, munditumizire pofika Lachisanu, ndipo mundilembere mawu enieni amene anene mukamufunsa chifukwa chimene wasankhira nambala yapansi.